Kanema wa ku bekare: tsatirani buledi mmodzi mpaka atakwera sikelo kachiwiri

"Ndili ndi kabekare ku Chilomoni, timaphika matumba awiri a fulawa patsiku, ine ndi anyamata atatu. Buledi wathu ndi wa magalamu 700, koma anthu ena amati wa m'mabekare ang'onoang'ono ndi wopepuka komanso sitisamala ukhondo, ndiye amathamangira wa makampani akuluakulu. Mwana wanga akuti tijambule kanema pa foni woonetsa mmene timaphikira. Kodi zingathandize, kapena ndidziyalutsa ndekha? Nanga tijambule chiyani?" Akufunsa motero mayi wina wa ku Chilomoni.

Mayi, mtima ukhale pansi, mwanayo waganiza bwino. Zithandiza, ndipo foni yomwe ali nayoyo ikukwanira. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ndi mabekare ang'onoang'ono muno mu Blantyre, ndaona kuti malo aang'ono ali ndi mwayi womwe fakitale yaikulu ilibe. Inu mungathe kuonetsa nkhope ya munthu amene wakanda, manja ake, ndi buledi amene munthu agule m'mawa womwewo. Mantha anu odziyalutsa nawonso ali ndi maziko, chifukwa kamera imaonetsa chilichonse chomwe chili kutsogolo kwake, ngakhale chomwe maso anu anachizolowera kalekale. Choncho tikambe za zonse ziwiri.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musajambule bekare yonse. Sankhani tini imodzi, ikani chizindikiro kunja kwake ndi choko, mwina X kapena chilembo china, ndipo kanema yense atsatire buledi wa m'tini imeneyo kuyambira pamene ufa wokanda ukuyezedwa mpaka buledi atazizira n'kukweranso pa sikelo. Makanema ambiri a m'mabekare omwe ndimaona amangodumphadumpha. Apa makina akuzungulira, apo matini ambirimbiri, kenako buledi wokongola pa thireyi, nyimbo ikulira. Woonera amasangalala, koma chikayiko chake chimakhala chili pomwepo, poti palibe chomutsimikizira kuti buledi wokongolayo wachokera mu ufa womwe anauona poyamba uja. Wogula nyama ku butchala maso ake amakhala pa sikelo, ndipo sachotsapo mpaka nyama yake itakulungidwa. Woonera kanema wanu ali ndi mtima womwewo. Mupatseni chinthu chimodzi choti achiyang'anitsitse, ndipo chisachoke pamaso pake popanda chifukwa chomveka.

Tiyambe ndi nkhani ya kupepuka, popeza pamenepa ndi pamene kanema angakumenyereni nkhondo kwambiri. Musanajambule, werengani masamu a thumba limodzi. Maphikidwe amasiyana, koma titenge ofala a buledi woyera wa m'tini: fulawa makilogalamu 50, madzi malita pafupifupi 30, mchere kilogalamu imodzi, yisiti wouma theka la kilogalamu, shuga makilogalamu awiri, mafuta kapena majarini kilogalamu imodzi ndi theka. Zonsezi zikaphatikizana zimapereka ufa wokanda wolemera makilogalamu pafupifupi 85. Buledi akamapsa ndi kuzizira amataya madzi, nthawi zambiri magawo 10 mpaka 12 pa 100 aliwonse a kulemera kwake. Ndiye kuti ngati mukufuna buledi wa magalamu 700, mtanda uliwonse uziduka pa magalamu pafupifupi 800. Mtanda wotere umatuluka pakati pa magalamu 704 ndi 720 ukazizira, ndipo thumba limodzi limakupatsani buledi 106.

Chitani mayeso kwa masiku angapo kamera isanabwere. Yezani mtanda, phikani, dikirani azizire, muyezenso. Mukapeza kuti buledi wozizira akufika 680 basi, musajambule kaye, fufuzani chomwe chikudya magalamuwo. Kawirikawiri ndi chimodzi mwa izi: anyamata akudula ndi maso m'malo moyeza mtanda uliwonse, sikelo siinabwezedwe pa ziro ataikapo mbale, kapena buledi akukhalitsa mu uvuni wosatentha mokwanira n'kumauma. Uvuni ukakhala pa madigiri 220 mpaka 230, buledi wa kukula kumeneku amapsa m'mphindi 25 mpaka 30. Ukakhala wozizirirapo, mumakakamizika kumusiya mphindi 40, ndipo madzi ochuluka amathawa, khungu lake n'kulimba. Ngati uvuni wanu ndi wotero ndipo simungaukonze msanga, kwezani mtanda ufike magalamu 820. Thumba lidzapereka buledi 103 m'malo mwa 106. Atatu otayikawo amawawa, ndikudziwa, makamaka pamene fulawa akukwera mtengo, koma popanda kutero nambala yomwe ili pa pepala la buledi wanu ikhala yabodza, ndipo kanema adzangoulutsa bodzalo.

Sikelo ikanena zoona, jambulani kuyezako osadula. Kamera ione zinthu zitatu nthawi imodzi: sikelo ili pa ziro, dzanja likuika mtanda, nambala ikukwera mpaka kuima. Kenako dzanja lomwelo liumbe mtandawo n'kuuika m'tini ya chizindikiro ija, kamera ikadali pomwepo. Mukadula pakati, ngakhale sekondi imodzi, wina adzanena kuti mwasinthanitsa, ndipo simudzakhala ndi choyankha. Chimodzimodzi kumapeto: tini ya chizindikiro ituluke mu uvuni, buledi agubuduzidwe, mumuike payekha pa shelefu pambali pa tini yake, ndipo akazizira akwere sikelo ili pa ziro. Sikelo ya manambala owala imaoneka bwino pa foni kuposa ya muvi, bola musaiwalitsire tochi molunjika, chifukwa galasi lake limanyezimira n'kubisa nambala. Ngati nambala yatuluka 712, isiyeni 712. Nambala ngati imeneyi imakhulupirika kuposa 700 weniweni, poti aliyense amadziwa kuti buledi wa manja salemera chimodzimodzi.

Tsopano za ukhondo, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu amagwera. Tsiku loyamba musajambule kanema wotulutsa. Mwana wanu ayende ndi foni m'bekare yonse mwakachetechete pamene ntchito ili mkati, kwa mphindi zisanu, ndipo madzulo mukhale pansi muonere nokha. Musayang'ane buledi, yang'anani kumbuyo kwake. Mudzaona zinthu zomwe mumazidutsa tsiku ndi tsiku: nsalu yakuda yopachikidwa pa chitseko cha uvuni, matumba a fulawa ali pansi penipeni motsamira khoma, ndowa ya madzi yosavundikira, kangaude pa ngodya, mnyamata akupukuta thukuta ndi mkono kenako n'kubwerera ku tebulo. Woonera wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa amene sanalowepo kwanu adzaona zimenezi msanga kuposa buledi, ndipo akhoza kuimitsa kanema n'kujambula chithunzi cha malo amodzi okhawo kuti atumizire anzake.

Zomwe mwaonazo zikonzeni zenizeni, musangozikankhira kunja kwa kamera. Fulawa akwere pa matabwa, atalikire pansi ndi khoma kuti asakoke chinyezi ndiponso kuti makoswe ndi mphemvu zisapeze pobisala. Mawindo akhale ndi sefa yotchinga ntchentche. Aliyense avale chophimba tsitsi ndi epuloni yochapa, zikhadabo zikhale zazifupi, mphete ndi mawotchi zichoke. Pakhale posamba m'manja pafupi ndi tebulo, pali sopo ndi madzi otsika, ngakhale atakhala a m'ndowa ya mpopi tsiku lomwe madzi a Blantyre Water Board asiya. Ndikunena kuti zenizeni chifukwa kanema akayenda, anthu adzabwera pakhomo panu, ena adzasuzumira mkati. Akapeza zosiyana ndi zomwe anaona pa foni, mbiri yomwe idzayende m'dera idzakhala yoipa kuposa ya poyamba, popeza tsopano adzati munawapusitsa.

Pa nkhani ya magolovesi ambiri amandifunsa. Kukanda ndi kuumba ndi manja osamba bwino kulibe vuto, ophika buledi padziko lonse amatero, ndipo ufawo ukupita pa moto woti mkati mwa buledi mumafika madigiri oposa 90. Magolovesi ovala m'mawa wonse, ogwirira chitseko, ndalama ndi ufa, ndi auve kuposa dzanja losambidwa pafupipafupi. Pomwe pakufunika chisamaliro chachikulu ndi pa buledi wakupsa, pomudula ndi pomuika m'pepala, chifukwa kuyambira pamenepo palibenso moto womuteteza. Choncho m'kanema onetsani kusamba m'manja ndi sopo kusanayambe kukanda, ndipo onetsani magolovesi atsopano kapena chopanira poika m'mapepala. Wojambula asakhudze ufa kapena buledi, chifukwa foni imayenda m'matumba, m'minibasi ndi paliponse. Musalole kuti foni igonekedwe pa tebulo lokandira pofuna kujambula chapafupi.

Chikhulupiriro chikamangidwa, tibwere pa kudzutsa mudyo. Foni siitumiza fungo, ndipo fungo ndi lomwe limakoka anthu pa bekare. Zomwe mungatumize ndi nthunzi, kufewa ndi phokoso. Nthunzi imaoneka pokhapokha kuwala kukuchokera kumbuyo kapena m'mbali mwake, ndipo kuseri kwake kuli kodera. Mukaima kuti windo likhale kumbuyo kwa wojambula, khoma loyera lili kuseri kwa buledi, nthunzi imasowa ngakhale buledi ali wotentha kwambiri. Sunthani tebulo pafupi ndi chitseko kapena windo dzuwa likangotuluka, kuwala kulowe cham'mbali, ndipo kuseri muike thireyi yakuda yotsukidwa bwino kapena chitseko cha uvuni. Kuno kwathu miyezi ya June ndi July, makamaka m'mawa wa chiperoni, nthunzi imatuluka yochindikala chifukwa mpweya ndi wozizira komanso wachinyezi. M'October mudzafunika kuyandikitsa foni kwambiri kuti ioneke.

Pa chithunzi cha nthunzi musagwiritse ntchito buledi wa chizindikiro uja, iye akudikira sikelo. Tengani wina wa mu uvuni womwewo, mumusiye mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako mumunyeme ndi manja pang'onopang'ono. Mukamudula ndi mpeni ali wamoto, mkati mumamatira ku mpeni n'kumaoneka ngati mosapsa, chifukwa mkati mwa buledi mumapitiriza kukhazikika pamene akuzizira. Kunyema kumaonetsa ulusi wa mkati ukukokeka, zomwe zimauza maso kuti ufa unakandidwa mokwanira. Pakani majarini pang'ono asungunuke, pambali pali kapu ya tiyi wamkaka. Zimenezo ndi zomwe munthu wa kuno amadya m'mawa, ndipo adzadziona yekha pa tebulopo. Kufewa kuonetseni pa buledi wozizira: dinikizani ndi chikhatho, chotsani, abwerere yekha. Akapanda kubwerera, kapena akaphwanyika m'mbali, buledi ameneyo anafufuma mopitirira kapena sanapse bwino, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi musanatulutse kanema.

Pali zithunzi zina ziwiri za m'kati mwa ntchito zomwe anthu ambiri sanazionepo, ndipo zimawagwira mtima. Choyamba ndi kuyesa ngati ufa wakandika. Mnyamata atsine kachidutswa, akatambasule pang'onopang'ono ndi zala moyang'anitsa ku kuwala mpaka kapyapyale koti kuwala kukudutsa osang'ambika. Kakang'ambika msanga, makina apitirize. Chachiwiri ndi kuyesa ngati mtanda wafufuma mokwanira: chala chopaka fulawa chidinikize pang'ono. Dzenje likabwerera pang'onopang'ono n'kusiya kachizindikiro, nthawi yakwana. Likabwerera msanga, sunafike. Likapanda kubwerera konse, mwachedwa, ndipo ameneyo ndi buledi amene amatuluka wamkulu koma wa mphepo yokhayokha, yemwe makasitomala amamudandaula. Mukaonetsa mayeso awiriwa ndi mawu ochepa ofotokoza, woonera amazindikira kuti pali luso ndi muyezo, sizongoponya ufa m'tini.

Kufufuma kwenikweni kumatenga pafupifupi ola limodzi pamalo ofunda, ndipo kumachedwerapo nthawi yozizira. Mafoni ambiri ali ndi Time-lapse, yomwe imapanikiza ola kukhala masekondi ochepa, koma m'chipinda chofufumitsira muli chinyezi chomwe chimachititsa khungu galasi la kamera ndipo chingawononge foni. Njira yosavuta ndi iyi: lembani ndi choko malo amodzi pa tebulo, imikani foni mosagwedezeka motsamira chinthu cholemera pa shelefu, ndipo bweretsani tini ya chizindikiro pamalopo katatu, poyamba, pakatha theka la ola, ndi pomaliza, masekondi awiri ulendo uliwonse. Mukalumikiza, mtanda umaoneka ukukwera masitepe atatu, chizindikiro chili poonekera. Pa uvuni samalani. M'mphindi khumi zoyambirira buledi amakwera komaliza, ndipo mukatsegula chitseko kuti mujambule, kutentha ndi nthunzi zimathawa, buledi wa mzere wakutsogolo n'kuphwa. Jambulani polowetsa ndi potulutsa basi, kapena kudzera pa galasi ngati uvuni wanu uli nalo. Potulutsa wojambula aime chapambali, alole mpweya wotentha woyamba udutse, apo ayi galasi lichita nthunzi pa nthawi yomwe mukuifunitsitsa.

Kuwala ndi vuto lenileni chifukwa mabekare ambiri amayamba ntchito usiku kapena mbandakucha. Kanema wojambulidwa mumdima amatuluka wa timadontho, ndipo WhatsApp ikamupanikiza kuti achepe, amaipiraipira, mpaka malo oyera amaoneka akuda. Ine ndimalangiza kuti tsiku lojambula mukonze mkando umodzi woti uyambe kutacha, cha m'ma 6 koloko, kuti zonse zichitike ndi kuwala kwa dzuwa. Ndi buledi weniweni yemwe mudzagulitse masana, ndiye palibe chinyengo. Zimakutetezaninso ngati magetsi a ESCOM athima pakati pa ntchito, bola uvuni wanu ukhale wa nkhuni kapena wa gasi, kapena muli ndi jenereta. Mukakakamizika kujambula ndi mababu, mukhoza kuona mizere ikuyenda pa kanema. Chifukwa chake n'chakuti magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi pomwe mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi, zomwe zimalembedwa kuti 30 fps. Ngati foni ikulola, sankhani 25 fps, ndipo ngati siikulola, yesani babu lina kapena onjezerani kuwala kwa panja. Foni igwidwe choimirira, pa 1080p, womwe ndi muyezo wa kaonekedwe ka kanema, galasi lipukutidwe ndi kansalu kofewa kawirikawiri poti fumbi la fulawa limakhalapo msanga. Dinikizani chala nthawi yaitali pa buledi amene akuoneka pa sikirini kuti kamera ikhazikike pamenepo, isamasakesake.

Mawu akhale anu, mayi, m'Chichewa chomwe mumalankhula ndi makasitomala pa kauntala. Musawajambule makina akulira. Kanema akalumikizidwa, lowani m'chipinda chachete, foni pafupi ndi pakamwa, mufotokoze mwachidule zomwe zikuoneka: "Uyu ndi mtanda wa magalamu 800. Tiuika m'tini iyi ya chizindikiro, muutsatire." Phokoso lenileni la ntchito lisiyeni limveke pansipansi, makamaka tini ikugunda pa tebulo ndi buledi akunyemeka. Manambala alembedwenso pa kanema ndi zilembo zazikulu, chifukwa ambiri adzaonera ali m'minibasi ya ku Limbe mawu atatseka. Pulogalamu ngati CapCut imachita zonsezi pa foni, ndipo mwana wanuyo mwina akuidziwa kale. Nyimbo za oimba musaikemo popanda chilolezo. Kanema wanu ndi wamalonda, eni nyimbo ali ndi ufulu womwe bungwe la COSOMA limateteza, komanso Facebook ikhoza kuzimitsa mawu a kanema yense, kufotokoza kwanu n'kupita nawo limodzi.

Kutalika kwake kusapitirire mphindi imodzi, kuti akwane pa Status ya WhatsApp ndiponso asadye bandulo ya anthu. Ndikanakhala ine ndikanamuyala motere. Masekondi atatu oyamba ndi buledi akunyemeka, nthunzi ikukwera, popanda moni kapena chikwangwani, chifukwa munthu amasankha pomwepo kuonera kapena kudutsa. Kenako nkhope yanu ndi dzina la bekare mwachidule, manja akusambidwa, fulawa ndi madzi zikulowa m'makina, ndi kachidutswa kotambasula kaja, zonsezi mpaka sekondi ya 20. Kuyeza kosadula kutenge masekondi khumi athunthu, musakuumire nthawi. Kufufuma katatu ndi chala chija zitenge masekondi asanu ndi atatu, kulowa ndi kutuluka mu uvuni chimodzimodzi. Pamenepo lembani kuti papita maola awiri, buledi wa chizindikiro akwere sikelo, dzanja limudinikize abwerere. Masekondi asanu omaliza anene komwe muli, nthawi yomwe buledi wa m'mawa amatuluka, ndi magolosale omwe amamugulitsa. Mtengo ulembeni m'mawu operekeza kanema osati pa kanema penipeni, chifukwa mitengo ikusintha pafupipafupi ndipo kanema amapitiriza kuyenda miyezi ingapo.

Maola awiri ozizirawo musawabise, ndi mbali ya zomwe zimakugulitsani. Buledi woikidwa m'pepala la pulasitiki ali wofunda amachita thukuta mkati, khungu limanyowa, ndipo chuku chimabwera msanga, makamaka nyengo yotentha ndi ya dzinja. Anthu ena akaona nthunzi m'kanema adzafuna buledi wamoto. Agulitseni pa kauntala osamanga pepala, muwauze kuti akafika kunyumba amusiye apume. Wopita ku magolosale ndi kwa ogulitsa tiyi azizire kaye. Chiganizo chimodzi m'kanema chonena zimenezi chimaonetsa kuti mumaganizira za buledi wanu ngakhale atachoka m'manja mwanu.

Pali zoti musanene. Musatchule bekare ina kapena kunena kuti buledi wa ena ndi wopepuka, sikelo yanu ilankhule za inu nokha. Musanene kuti "mulibe mankhwala" ngati mumathira ufa wothandiza buledi kufufuma ndi kufewa umene mabekare ambiri amagula, kapena woteteza chuku. Kugwiritsa ntchito zololedwa pa muyezo wake si mlandu, koma kukana pamene paketi yake ikuoneka pa shelefu kuseri kwanu ndi kudzitchera msampha. Muyezo weniweni wa zosakaniza zanu simukukakamizidwa kuuonetsa, mukhoza kujambula zikulowa popanda manambala. Anyamata anu afunseni kaye ngati akufuna nkhope zawo zioneke, ndipo amene sakufuna aoneke manja okha. Amene ali ndi chilonda pa dzanja, chifuwa kapena kutsegula m'mimba asagwire ufa tsikulo, kaya pali kamera kaya palibe.

Mapepala anu akhale m'malo kanema asanatuluke, chifukwa adzafikanso kwa akuluakulu oyendera malo ophikira. Ngati chiphaso cha bizinesi ndi cha malo chatha kapena simunatenge, pitani ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, mukafunsenso ku nthambi ya zaumoyo za kuyezetsa kuchipatala kwa anthu ogwira chakudya. Za muyezo wa buledi, zolemba pa pepala lake ndi kutsimikizira sikelo yanu, kaonaneni ndi a Malawi Bureau of Standards, omwe likulu lawo lili muno mu Blantyre. Chizindikiro chawo musachiike pa pepala kapena pa kanema ngati sanakupatseni chilolezo. Akakupatsani, chionetseni sekondi imodzi kapena ziwiri pafupi ndi sikelo yomaliza ija. Ngati mayeso anu akuonetsa buledi wina wopserera wina wosapsa mu uvuni umodzi, itanani wokonza mauvuni ayeze kutentha kwake ndi chipangizo choyezera, poti nambala ya pa chitseko nthawi zina imasiyana ndi zomwe zili mkati. Wojambula wolipidwa mudzamufuna pokhapokha mukafuna kanema wa pa wailesi ya kanema kapena wokopa masitolo akuluakulu.

Potulutsa, yambani ndi anthu omwe akugula kale: eni magolosale, ogulitsa tiyi, amayi a kumpingo ndi a ku banki mkhonde. Atumizireni mwachindunji madzulo, pamene anthu akuganiza za tiyi wa mawa, muwapemphe aike pa Status zawo. Kenako ikani pa Facebook ndi TikTok kuchokera pa kanema woyambirira, osati amene wadutsa kale pa WhatsApp, chifukwa ameneyo wachepa kale mphamvu. Kuti mudziwe ngati zathandiza, musawerenge omwe aonera okha. Lembani m'kope buledi wogulitsidwa ndi wobwerera tsiku lililonse kwa sabata ziwiri kanema asanatuluke ndi sabata ziwiri atatuluka, ndipo kasitomala watsopano mumufunse komwe wamva za inu. Matumba awiri ndi buledi pafupifupi 210 patsiku. Oda ikakwera, onjezerani theka la thumba kaye, buledi 53, muone ngati matini, uvuni ndi malo oziziritsira zikukwana popanda kufupikitsa nthawi yofufuma kapena kumanga buledi wofunda. Sikelo ija ikhale pa kauntala masiku onse, ndipo aliyense wofuna kuyeza buledi amene wagula mumulole ayeze yekha.